Lisiti la Dizilo la Alamu

Pakampani ina yonyamula katundu, munthu yekhayo amene analibe tsitsi ngakhale limodzi ndi amenenso ankasunga choumitsira tsitsi m'dilowa ya tebulo lake. Anthu ankawatchula kuti Adazi, ndipo iwo ankavomera, poti kukana dzina limene lili poonekera chonchi n'kungodzitopetsa. Wantchito watsopano aliyense ankamutuma dala kuti akabwereke chinachake m'dilowamo. Akatsegula n'kuona choumitsiracho, ankayang'ana pamutu pa eni ake, kenako ankavutika kusunga nkhope. Adazi ankangoti, "Seka, mwanawe, usadziphe. Anzako onse anaseka."

Chipinda chawo chinali chomaliza mupaseji, moyang'anizana ndi mosungira matayala. Munali tebulo, kompyuta, sikana, kabati yachitsulo ndi zenera limodzi limene katani yake sinkatsegulidwa. Ena ankati Adazi amaopa kuti dzuwa lingawawaule pamutu. Koma katani ija inali yoteteza malisiti, ndipo malisitiwo ndiwo anali ntchito yawo.

Madalaivala akabwera kuulendo ankatula maenvulopu a timapepala ta dizilo, ta matayala, ta kumalo oyezera magalimoto. Timapepalato tinkajambulidwa pasikana n'kulowa m'kompyuta, mmene munali pulogalamu yowerenga yokha manambala n'kuwatumiza ku akaunti. Pulogalamuyo inali yachangu, koma inali ndi khalidwe la mboni ina imene safuna kuvomera kuti sinaone bwino. Ikaona mthunzi wa nambala, inkatchula ina iliyonse yofanana nayo, ndipo inkatchula molimba mtima. N'chifukwa chake lisiti lililonse lofufutika linkayamba ladzera m'manja mwa Adazi, kuti alidzutse kaye pulogalamuyo isanaliwerenge.

Ndipo malisiti ofufutika sankasowa. Pepala la m'makina a m'masitolo ndi pomwetsera mafuta lilibe inki. Mbali yake yosalala ija anaipaka mankhwala amene amada akatenthedwa, ndipo makina amangotentha timadontho ting'onoting'ono n'kupanga zilembo. Zilembo zobwera choncho zimachokanso mosavuta. Dzuwa limazidya, thukuta ndi mafuta odzola zimazidya, tizikwama tapulasitiki tofewa timazidya. Adazi ankalalikira uthenga umenewu kwa dalaivala aliyense, ndipo madalaivala ankagwedeza mitu mwaulemu n'kupita kukaponya malisiti padashibodi monga mwa nthawi zonse. Wina, pofuna kusonyeza kuti wamva, anapititsa malisiti ake a mwezi wathunthu kumakina otentha omatira pulasitiki, n'kubwera nawo atada bii ngati makala. Tsiku limenelo Adazi sanadye nkhomaliro.

Choumitsira tsitsi chija chinali ndi mbiri yake. Adakali mnyamata pantchito, dazi litangoyamba kumene kulanda malo, anamva kuti kutentha pang'ono kumatha kudzutsa lisiti lofufutika. Anayesa ndi simbi kunyumba, pepala lonse linapsa. Ndiye tsiku lina analowa m'saluni ina yapafupi ndi ofesi, nakhosomola, nati akupempha kubwereka choumitsira tsitsi. Amayi amene ankamangitsa tsitsi anaseka mpaka misozi. Mwini saluniyo, mtsikana wamaso akuthwa, anati sangabwereketse katundu wake kwa munthu amene zikuonekeratu kuti sakudziwa ntchito yake, ndipo anawatsatira kuofesi kuti akaone yekha. Anaona manambala akutuluka papepala loyera, ndipo anabweranso mawa lake kudzaona ena. Mtsikanayo ndiye anakhala akazi awo, ndipo choumitsiracho sichinabwererenso kusaluni.

Pamodzi ndi mkazi anakwatira ndi mlamu yemwe. Achimwene ake a mayiwo anali dalaivala wa lole pakampani pomwepo, ndipo anzawo ankawatchula kuti Apolishi. Anali munthu waukhondo wopitirira muyezo. Nsapato zawo zinkawala ngakhale nyengo yamatope, m'lole yawo munkanunkhira sopo, ndipo envulopu yawo ya malisiti inkabwera yolembedwa bwinobwino pamwamba ndi lula. Chilamu cha awiriwa chinali cha nthabwala. Apolishi akatulukira pakhomo la chipinda chija ankaphimba maso ndi dzanja n'kunena kuti, "Alamu, valani chipewa, mukundithobwa." Adazi ankayankha osadzutsa mutu, "Ndi nsapato zanuzo, alamu, ine ndangobwezera kuwala." Choncho kwa zaka zambiri, osatopa, ndipo pansi pa nthabwalazo ankakondana ndithu.

Tsoka linabwera tsiku limene Adazi anapita kukazulitsa dzino. Kuofesi kunali changu cha kumapeto kwa mwezi, ndipo maenvulopu onse analowetsedwa musikana mmene analiri, pa mlingo wa zakuda ndi zoyera basi, umene umataya chilichonse chotuwa. Mwa malisiti a Apolishi munali limodzi la dizilo amene anathira kutali, tsiku limene makina a khadi la kampani anakana kugwira ntchito, iwo n'kulipira ndi ndalama zapaulendo. Palipoti lawo analemba kuti anathira malita 80. Pulogalamu ija inawerenga 30. Mtunda umene anayenda sukanachitira umboni, chifukwa lole yawo inali nkhalamba imene inkamwa mafuta malinga ndi mmene yadzukira. Adazi pobwera kuntchito, tsaya lili tutumu, anapeza makiyi a lole ya alamu awo atapachikidwa kwa abwana, eni ake atauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Pakampanipo lamulo la mafuta linali limodzi, wopezeka ataba ankachotsedwa, ndipo mbiri yake inkafika kumakampani ena iye asanafike.

Amayi a ku akaunti anabweretsa lisitilo okha. Anali mayi wodekha, wosakonda kuweruza msanga, ndipo nkhaniyi sinkawasangalatsa.

"Ndikudziwa kuti ndi alamu anu," anatero, "koma palibe wina wodziwa kudzutsa mapepalawa. Liyang'aneni. Mukandiuza kuti mwaona 8, ine ndilemba 8, nkhani ithere pomwepo. Mawu anu sindinawakayikirepo."

Adazi anatsegula envulopu, ndipo mtima wawo unagwa. Lisitilo linali litagona padzuwa, pamwamba pake patayera mbee, koma zimenezo anazizolowera. Chimene chinawapweteka chinali pansi. Apolishi, mwa ukhondo wawo uja, ataona kuti ili ndi lisiti la ndalama zenizeni, anafuna kuliteteza. Anadula selotepi mowongoka bwino n'kuimata pamzere wa malita ndi wa ndalama zonse, ndendende pa manambala awiri ofunikawo. Guluu wa selotepi amasungunula zilembo za pepala lotere mofulumira kuposa dzuwa. Munthu wosasamala akanalipinda n'kuliponya m'envulopu, likanawerengeka. Linaphedwa ndi chikondi.

Anayamba monga ankayambira nthawi zonse, ndi njira zosakhudza pepala. Anapukuta galasi la sikana, nagoneka lisitilo, nalijambula m'mitundu yonse pa mlingo wapamwamba kwambiri, nasunga chithunzicho osachisintha. Pa kope ina ndi pamene anayamba kusewera. Anadetsa zotuwa, nawalitsa zoyera, pang'onopang'ono, chifukwa ukakoka kwambiri timadontho ta fumbi timasanduka manambala. Dzina la pomwetsera mafutapo linatuluka. Anatembenuza chithunzi kuti zoyera zikhale zakuda, deti linayamba kuoneka. Anachotsa mitundu ina n'kusiya wa buluu wokha, mmene zilembo zofufutika zachikasu zimaonekera zodera, ndipo mtengo wa lita imodzi unawerengeka bwinobwino. Zikanakhala kuti mzere wa ndalama zonse ulipo, akanangogawa n'kupeza malita. Koma mzere umenewo unali utapitiratu, pansi pa selotepi panali poyera ngati sipanalembedwepo kanthu.

Anazimitsa magetsi n'kutulutsa tochi ya kuwala kwa pepo, yonga imene amayezera ndalama zachinyengo. Pansi pa kuwala kumeneko pepala limanyezimira, ndipo nthawi zina malo amene panali zilembo amatsalira moderako. Anaweramira, dazi likuchita buluu. Pamzere wa malita, 0 ankaoneka pang'ono. Nambala yoyamba inatsala theka lakumanja lokha, timimba tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Timimba tiwiri totero ali nato 8, ali natonso 3. Anayang'ana mpaka maso anatuluka misozi. Akafuna 8 ankamuona, akaphethira ankaona 3. Kumatula selotepiyo sakanayerekeza, chifukwa ikanachoka ndi khungu la pepala lomwe.

Pakompyuta panali kabokosi koti alembemo nambala yolondola n'kuchonga kuti aiona ndi maso awo. Anakayang'ana kabokosiko nthawi yaitali, kenako anakasiya kopanda kanthu n'kutuluka kukamwa mpweya.

Apolishi anali atawadikirira kuseri kwa mulu wa matayala, atavala ngati akupita kuntchito. Sanaphimbe maso tsiku limenelo.

"Alamu, zili bwanji?"

"Selotepi ija munamata inu?"

"Ndinkafuna lisafufutike."

"Kodi sindinanenepo za selotepi?"

"Munanena za dzuwa, munanena za pulasitiki. Mwina ndi selotepi yomwe, koma ulaliki wanu ndi wautali, alamu, munthu amagwirapo zina."

Adazi anafuna kuseka koma sizinatheke. Anawafotokozera za timimba tiwiri tija. Apolishi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti 3 simunamuone."

"Sindinamuone."

"Ndiye lembani 8. Ndi 8, alamu. Ndinaima papampupo ine ndemwe. Mayi aja akuti mukanena inu basi zatha."

"N'chifukwa chake sindinganene chimene sindinaone."

"Zaka zonsezi mwandionapo nditatenga ngakhale nati ya kampani?"

"Ayi."

"Nanga tsono?"

"Kabokosi kaja sikafunsa ngati ndimakudziwani. Kakufunsa ngati ndaona."

Apolishi anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. Anapukuta nsapato imodzi kumbuyo kwa mwendo wa thalauza, kenako anatembenuka n'kumapita osatsazika.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, pakuti nkhani za pachibale siziyenda pabasi. Akazi awo anawalandira chikwama, anawaikira madzi osamba, anachita zonse mwaulemu wochuluka umene mwamuna wanzeru amauopa kuposa kukalipa. Pakudya ndi pamene anayankhula.

"Bambo, achimwene ali ndi ana asukulu."

"Ndikudziwa, mayi."

"Pamene munkadwala chaka chija, anakunyamulani ndani kupita nanu kuchipatala?"

"Iwowo."

"Kanambala kamodzi. Ine makasitomala anga akandifunsa ngati tsitsi lawakhala, ndimati lawakhala, ndipo palibe anafapo."

"Tsitsi limameranso, mayi."

Mayiwo anayang'ana pamutu pa amuna awo, ndipo pa tsiku lina lililonse yankho lake likanakhala lokoma. Koma anangosonkhanitsa mbale. "Chibale ndi fupa, sichiola," anatero ali pakhomo la khitchini. "Koma chimathyoka."

Mawu amenewo anawalasa. Adazi sanali munthu wouma mtima, ndipo sankadziona ngati woyera kuposa anzawo. Anali munthu amene moyo wake wonse anachita chinthu chimodzi, ndipo chinthu chimodzicho chinali chaching'ono moti ana awo omwe ankavutika kufotokoza kusukulu ntchito ya bambo awo. Koma pa zaka zonsezo panali madalaivala ena amene anapulumuka chifukwa Adazi anati aona, ndipo panali mmodzi amene anachotsedwa chifukwa Adazi anatinso aona. Akalemba 8 wa chilamu lero, ndiye kuti uja anachotsedwa chifukwa analibe mlamu m'chipinda chomaliza. Zimenezi sanathe kuzifotokoza patebulo. Anangokhala, lilime likupita lokha pamene panali dzino.

M'mawa mwake anapita ku akaunti nanena zoona, kuti nambala yoyamba siikuwerengeka. Amayi aja anavula magalasi napukuta m'maso.

"Ndiye pali njira imodzi," anatero. "Makina a pomwetsera mafuta amasunga zonse. Akhoza kusindikiza lisiti lina, koma amafuna nambala ya lisiti, chifukwa magalimoto othira tsiku limodzi ndi ambirimbiri. Nambalayo ikuoneka?"

"Ili pamwamba, pamene panadya dzuwa. Pasikana yakana, patochi yakana. Chatsala n'choumitsira."

"Ndipo mukaliwotcha?"

"Ndiye lapita. Kutentha sikubwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake ndikufuna chilolezo chanu, ndiponso mukhalepo muone."

Anapita limodzi kuchipinda chomaliza. Adazi anatsegula dilowa, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe amene anaseka. Anayamba ndi lisiti lina lopanda ntchito, lakale, kuti aone mmene mpweya ukutenthera tsikulo. Kenako anatenga la alamu awo, naligwira m'mphepete ndi kachopanira, mbali yolembedwa itayang'ana kwa iwo, choumitsira chili kumbuyo kwa pepala, motalikira ngati chikhatho chotambasula, pa moto wochepetsetsa. Anapatsa amayi aja foni kuti akhale okonzeka kujambula. Ankayendetsa dzanja uku ndi uku osaima malo amodzi. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu.

"Mwina musendeze pafupi," ananong'ona amayiwo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Pepala linayamba kutuwa kuchokera m'mphepete, ngati mtambo ukubwera. Ndiye pakati pa kutuwako panayamba kuoneka tizilembo toyererako, pakuti malo amene anapsapo kale sadanso mofanana ndi anzake. Deti linatuluka, nambala ya pampu inatuluka, kenako mzere wa manambala pakona. Adazi anachotsa choumitsira msanga. "Jambulani," anatero, ndipo amayiwo anajambula kangapo. Analigonekanso pasikana lisanasinthe. Nambala ya lisiti inawerengeka yonse, ndipo anaiwerenga aliyense payekha n'kufananiza. Anayesanso pang'ono kumunsi, kuseri kwa selotepi, poti mtima wa munthu susiya kuyembekeza. Pamenepo panangochita mathothomathotho, opanda nambala iliyonse.

Amayi a ku akaunti anaimba foni pomwetsera mafuta paja. Woyang'anira malowo anati zolembedwa zilipo, koma sangawerengere za kasitomala munthu wongomumva pafoni. Abwere munthu ndi lisiti loyambalo ndi kalata ya kampani. Lole yopita njira imeneyo panalibe posachedwa, ndipo Apolishi sakanatumidwa kukatenga umboni wawo womwe. Adazi anati tsiku lawo lopuma layandikira, apita okha pabasi. Amayiwo anati ndi bwino, bola pabwere chidindo, ndipo iwo adzaimbanso foni kutsimikiza.

Tsono Adazi sanali munthu wa maulendo. Ankadziwa mayina a malo onse omwetsera mafuta a mumsewu umenewo, ankadziwa kuti ndi ati amene makina awo amasindikiza mofooka ndi ati amene amagwiritsa ntchito pepala lotchipa, koma anali asanapondeko n'kamodzi komwe. Anakwera basi m'mawa, lisiti lili m'envulopu yapepala, envulopu ili pakati pa buku, buku lili m'chikwama pamiyendo, kumbali yopanda dzuwa. Mayi amene anakhala nawo pampando anaona mmene akufumbatira chikwamacho n'kusendeza chake kutali, poganiza kuti munthu wosakhulupirira anzake chonchi ayenera kuti amadzidziwa.

Mumsewumo ndi mmene mantha enieni anawapeza. Kuofesi ankangoti sakuona, ndipo kusaona kunali pobisalira pabwino. Tsopano ankapita kukaona. Anayamba kukumbukira tinthu timene sankafuna kukumbukira, kuti mwana wamkulu wa Apolishi anali atangoyamba kukoleji, kuti denga la nyumba yawo linali latsopano, kuti munthu wabwino naye amatha kupanikizika tsiku limodzi. Anadzida chifukwa cha maganizo amenewo, koma maganizowo sanatsike basi. Makinawo akatulutsa 30, ndi iwo amene adzanyamule pepalalo ndi manja awo kubwerera nalo, kukalipereka ku akaunti, kenako kukalowa m'nyumba mwawo n'kuyang'ana akazi awo. Akanalemba 8 tsiku lija, palibe akanafufuzanso. Zimenezi ankazidziwa bwino, ndipo zinkawawawa kuposa dzino lija.

Pomwetsera mafutapo panali pamalo ouma, mapampu ali pansi pa denga lamalata, kaofesi kali pambali. Woyang'anira, bambo wonenepa wa bolopeni kukhutu, anawerenga kalata, natembenuza lisiti lotuwalo uku ndi uku.

"Ili mwalitola pamoto?"

"Ndaliwotcha ndekha, koma mwaulemu."

Bamboyo anataipa deti ndi nambala ija ndi chala chimodzi. Makina aang'ono pambali analira, kapepala kanatuluka. Adazi anayang'ana kukhoma, kumene kunali kalendala ya kampani ya mabatire, ndipo anaiwerenga ngati ndi nkhani yofunika.

"Musadinde pamenepo, bwana," anatero osatembenuka. "Nalonso ndi pepala lomwe lija. Muli ndi fotokope? Lijambuleni kaye, chidindo ndi siginecha zipite pa kopeyo."

"Inu ndi apolisi?"

"Ayi, ndine mlamu chabe."

Bamboyo anaseka, nachita monga anapemphedwa. Pepala lalikulu lodindidwa litaikidwa patsogolo pawo, panalibenso kalendala yothawirako. Adazi anatsitsa maso. Panalembedwa malita 80, zilembo zakuda, 8 wathunthu wotsekeka mbali zonse ziwiri. Anakhala pampando umene sanapatsidwe. Woyang'anira anawafunsa ngati akufuna madzi. Anavomera, namwa kapu yonse, ndipo anathokoza bamboyo mobwerezabwereza mpaka mwiniwake anachita manyazi.

Anatumiza chithunzi cha pepalalo kwa amayi a ku akaunti, ndipo basi isanapite patali yankho linabwera, loti atsimikiza, makiyi akatengedwe Lolemba. Anauzanso akazi awo. Mayiwo anangoyankha kuti afike bwino, ndipo anafunsa ngati adya. Adazi anadziwa kuti pa chiyankhulo cha m'nyumba mwawo, funso limenelo linali lalikulu.

Pofika kudepoti dzuwa linali litapendeka. Anatsika mwendo uli dzanzi, ndipo pakati pa ogulitsa ndi oitanira mabasi anaona Apolishi ataima pafupi ndi chipilala, manja m'thumba. Mlongo wawo anali atawauza. Anayenda limodzi kutuluka m'depotimo mpaka phokoso linatsalira kumbuyo.

"Ndalama ya basi ndidzakubwezerani," anatero Apolishi.

"Musandinyoze, alamu."

Anayendanso pang'ono. Kenako Apolishi anaima.

"Ndifunse chinthu chimodzi, mundiyankhe mmene mumayankhira kabokosi kanu kaja. Popita kuja, munkaganiza kuti ndinaba?"

Bodza laling'ono linali pafupi, ndipo linali laulere. Adazi analiyang'ana, nalisiya.

"Sindinkaganiza. Koma ndinkaopa. Njira yonse ndinkaopa, ndipo ndikuchita nazo manyazi."

Apolishi sanakwiye. Anayang'ana pansi, nayankha ndi mawu otsika.

"Nanenso, alamu. Tsiku lija nditachoka pamatayala paja ndinali wotsimikiza. Koma kukhala pakhomo masiku onsewa, anthu akudutsa osandiyang'ana, ndinayamba kudzifunsa. Maulendo ndi ambiri, mapampu amafanana. Mwina ndinasokoneza ndi tsiku lina, mwina ndinalemba zolakwika, ndalama zina ndinataya kapena ndinadyera osadziwa. Dzulo mwana wanga anandifunsa ngati n'zoona zimene akumva, ndipo ndinayankha mochedwa." Anayang'ana chikwama cha Adazi. "Muli nalo pomwepa?"

Adazi anatsegula chikwama, natulutsa pepala lodindidwa lija. Apolishi analilandira ndi manja awiri. Panali mizere yochepa chabe, yoti munthu n'kuiwerenga pakuphethira kamodzi, koma iwo anaima pamenepo m'mphepete mwa msewu akuliyang'ana, milomo ikugwedera, njinga zikuwalambalala.

"Mungandibwereke mpaka mawa?" anafunsa. "Ndikufuna akalione mwana uja."

Pepalalo linali la kampani, ndipo linkayenera kukagona m'kabati yachitsulo. Adazi anatseka chikwama chawo.

"Tiyeni tipitire limodzi," anatero. "Ndikamuuze ndekha kumene ndalitenga."